Mmene wophunzira angalembere mbiri yake pa LinkedIn kuti olemba ntchito amupeze

"Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro owerengera ndalama pa yunivesite ina ku Blantyre, ndipo chaka chamawa ndikuyenera kukachita atachimenti. Ndinatsegula akaunti ya LinkedIn, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wandilembera. Ndilembepo chiyani poti sindinagwirepo ntchito?"

Zikomo achemwali. Choyamba choti mumvetse n'chakuti wolemba anthu ntchito sawerenga mbiri za anthu imodziimodzi mpaka kufika pa yanu. Iye amalemba mawu ochepa pamalo ofufuzira, monga `accounting intern`, kenako amasefa zotsatira zake potengera mzinda, sukulu kapena luso, ndipo amene amaonekera kwambiri ndi amene mawuwo alidi m'mbiri mwawo. Choncho ntchito yanu yaikulu ndi kuika mawu amene iye amalemba pamalo amene makinawo amayang'ana, ndipo mawuwo akhale m'Chingerezi, chifukwa ndi chimene amafufuzira ngakhale mutadzacheza naye m'Chichewa pa tsiku la mafunso.

Mawuwo musawapeke m'mutu mwanu. Pezani zilengezo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za ntchito zophunzirira m'gawo lanu, kaya za m'nyuzipepala kapena za pa LinkedIn pomwepo, ndipo mulembe pa pepala mawu amene akubwerezedwa. Pa nkhani ya ndalama mudzaona kuti maina a mapulogalamu monga Excel, Sage ndi QuickBooks sasowa, pamodzi ndi mawu ngati `bank reconciliation` ndi `petty cash`. Pa mawuwo musankhe okhawo amene mukuwadziwadi, chifukwa chilichonse chimene mwalemba mudzafunsidwa, ndipo munthu amene analemba Sage asanaitsegulepo amagwidwa pa funso loyamba lenileni.

Malo ofunika kwambiri ndi mzere umene uli pansi pa dzina lanu, wotchedwa `Headline`, chifukwa umaoneka pa zotsatira za kufufuza pamodzi ndi chithunzi chanu munthu asanatsegule n'komwe mbiri yanu. Ophunzira ambiri amangosiya mzerewu ukunena kuti ndi ophunzira a pa yunivesite yakutiyakuti, ndipo ena amaikapo mawu odzitama onena za khama ndi masomphenya, amene palibe wolemba ntchito amene amawafufuza. Mzerewu umalola zilembo 220, koma pa foni umadulidwa msanga, choncho zofunika zikhale koyambirira. Kwa inu ungakhale wotere:

```
Accounting student (Year 3) seeking internship in Blantyre | Excel, bank reconciliation, petty cash
```

Mzere umodzi umenewu wanena chimene mukuphunzira, chimene mukufuna, kumene muli ndiponso zimene manja anu angachite. Mzinda muusankhenso pamalo ake a `Location` kuchokera pa mndandanda umene umatuluka mukayamba kulemba, chifukwa amene wasefa kuti aone anthu a ku Blantyre okha sadzakuonani ngati munangoika Malawi. N'chimodzimodzinso pa `Education`: dzina la sukulu mulisankhe pa mndandanda kuti chizindikiro chake chioneke, ndipo muike chaka chimene mukuyembekeza kumaliza, popeza chimamuuza wolemba ntchito kuti ndinu woyenera atachimenti kapena mwamaliza kale.

Tsopano tifike pa gawo la `Experience`, limene limaopsa ophunzira ambiri mpaka kulisiya lopanda kanthu. Ine ndimaona kuti kulisiya choncho n'kudzimana, chifukwa ntchito yosalipidwa ndi ntchito ndithu ngati mwanena zoona za mmene inalili. Tiyerekeze kuti munali msungichuma wa kwaya ya kumpingo kwanu kwa chaka chimodzi, ndipo pa tchuthi mumathandiza m'golosale ya amalume anu. Kungolemba kuti munali msungichuma sikuthandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi kunena zimene munkachita ndi kuchuluka kwake: kuti munkalandira zopereka za mamembala 40 mwezi uliwonse, munkazilemba mu Excel, munkayerekeza zolembazo ndi mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money kuti muone ngati zikugwirizana, ndipo munkapereka lipoti ku komiti. Munthu wodziwa za ndalama akawerenga zimenezi amazindikira msanga kuti kuyerekeza zolemba ndi ndalama zimene zalowadi ndi ntchito yomweyo imene adzakupatseni mu ofesi mwake. Za m'golosale zilembedwenso choncho: kuwerenga katundu Loweruka lililonse, kulemba ngongole za makasitomala m'kope, ndi kutseka malonda a tsikulo madzulo. Manambala akhale enieni, ndipo dzina la udindo likhale lodzichepetsa. Amene ankathandiza amalume ake asadzitche woyang'anira chuma cha kampani.

Gawo la `About` lisakutayitseni nthawi. Ziganizo zinayi n'zokwanira, zonena chimene mukuphunzira, zimene mwachitapo, miyezi imene mudzakhale womasuka kuchita atachimenti, ndi imelo yanu. Miyeziyo musaiwale, chifukwa ndi funso limene wolemba ntchito amafuna yankho lake asanakuimbireni. Maluso amene munasankha aja muwaikenso pa `Skills`. Chithunzi chikhale cha nkhope ndi mapewa, chojambulidwa ndi foni pafupi ndi zenera masana, kumbuyo kuli khoma lopanda zokongoletsa. Chithunzi chodulidwa pa gulu la ku ukwati, dzanja la mnzanu likuonekera paphewa, chisiyeni.

Mukatero mutsegule `Open to work`, mulembe maudindo amene mukufuna, ndipo pa mtundu wa ntchito musankhe `Internship`. Mudzafunsidwa ngati mukufuna kuti aone ndi `Recruiters only` kapena anthu onse. Njira yoyambayo imaonekera kwa okhawo amene amagwiritsa ntchito LinkedIn Recruiter, imene ndi yolipira, ndipo inakonzedwera munthu amene safuna kuti abwana ake adziwe kuti akufuna kuchoka. Inu mulibe chobisa, komanso mwini ofesi yaing'ono ya ku Limbe kapena ku Ginnery Corner mwachidziwikire amangogwiritsa ntchito akaunti wamba, choncho sankhani kuti aone anthu onse.

Pali chinthu china chimene chimabisa mbiri yolembedwa bwino, ndicho kusowa kwa anthu olumikizana nawo. Pa akaunti wamba, kufufuza kumaonetsa makamaka anthu amene muli nawo pafupi kudzera mwa anzanu ndi anzawo a anzanuwo, choncho munthu amene walumikizana ndi anthu atatu okha amakhala ngati sitolo yomangidwa kuseri kwa msika. Yambani ndi anzanu a m'kalasi ndi aphunzitsi anu, kenako tsegulani tsamba la yunivesite yanu, mupite pa `Alumni`, ndipo mufufuze amene anaphunzira zomwe mukuphunzirazo ndipo akugwira ntchito mu mzinda wanu. Powapempha kulumikizana muwonjezere kauthenga kaulemu konena kuti ndinu ndani, osati kupempha ntchito pa moni woyamba.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, pakatha masabata awiri yang'anani `Search appearances` pa mbiri yanu, pamene pamaonetsa kuti mwatulukira kangati pamene anthu amafufuza. Ngati nambalayo sikusuntha, vuto lili pa mawu, pa mzinda kapena pa kuchepa kwa olumikizana nawo. Ngati mukutulukira koma palibe amene akutsegula mbiri yanu, konzani mzere wa pansi pa dzina ndi chithunzi.

Mudziwenso kuti mabungwe ambiri kuno kwathu amalandirabe ophunzira kudzera m'kalata yochokera ku yunivesite, choncho makalata apitirire kupita, ndipo adiresi ya mbiri yanu muifupikitse pa `Public profile & URL` n'kuilemba pamwamba pa kalata iliyonse yofunsira malo. Nambala ya chitupa cha unzika ndi zithunzi za masatifiketi musaike poyera, ndipo aliyense amene angakulembereni kuti mutumize kaye ndalama ya fomu kapena yosungitsira malo musamuyankhe, koma mumunene kwa LinkedIn podina `Report` pa uthenga wakewo.