Musayatse chila yachiwiri musanayende kukaona makoyilo

"Bwana, tili ndi machila awiri a 700 kW oziziritsa madzi a eyakondishoni, sisitemu ya pulayimale-sekondale. Madzi amayenera kutuluka pa 7°C nkubwera pa 12°C koma akubwera pa 10 ndi kanthu. Chila imodzi ikulephera pomwe lodi ndi 500 kW basi. Ndichepetse mabalansing'i valavu a ku pulanti kapena ndiwonjezere pampu?"

Achimwene, pampu ayi. Chonde ayi.

Funso lanuli landikhudza chifukwa ndinagwirapo ntchito pa nyumba ina ya maofesi pomwe aliyense amaloza chila, ati yakalamba, ati gasi wathamo, mpaka abwana anayamba kufunsa makoteshoni a chila yachitatu. Ine ndinapita ndi themometa pa mapaipi anayi ozungulira dikapula, kapaipi kafupi kaja kolumikiza sapulayi ndi ritani. Chila imatulutsa 7°C bwinobwino koma madzi opita ku nyumba anali ofundirapo. Madzi sangafunde okha pa mamita awiri a paipi yokutidwa. Ndiye kuti mu dikapula madzi amayenda chobwerera, a ritani kulowa mu sapulayi.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala anu omwewo. Q ndi kutentha komwe madzi akunyamula, L/s ndi malita pa sekondi, ΔT ndi kusiyana kwa kutentha kwa madzi opita ndi obwerera.

```
Q (kW) = 4.19 x L/s x ΔT
```

Chila ya 700 kW pa ΔT ya 5 pampu yake ya pulayimale imakankha malita 33.4 pa sekondi, ndipo sisintha, ndi momwe sisitemu imeneyi anaipangira. Nyumba yanu ikufuna 500 kW, pa ΔT ya 5 bwenzi ikukoka malita 24 okha, otsalawo nkumadutsa mu dikapula kubwerera ku chila mwamtendere. Koma pa ΔT ya 3 ikukoka pafupifupi malita 40. Malita 6 ndi kanthu opitirirawo achokera kuti? Ku ritani, kudzera mu dikapula. Madzi a 10.6°C akusakanikirana ndi a 7°C, nyumba ikulandira 7.6°C. Zikuoneka zochepa koma koyilo, timapaipi tomwe madzi amadutsamo kuti aziziritse mpweya, ikalandira madzi ofundirapo imalephera kuziziritsa mpweya, valavu yake imatsegukanso, madzi ambiri akuyenda, ΔT ikutsikanso, obwerera mu dikapula akuchuluka, basi zikungokulirakulira. Mapeto ake opareta amayatsa chila yachiwiri osati chifukwa lodi yakula koma kuti apeze madzi, machila awiri iliyonse ikunyamula 250 kW, mapampu onse akudya magetsi.

Ndipo apa ndinene mosabisa, ΔT siipangidwa ku pulanti. Imapangidwa ku makoyilo. Chila imangolandira zomwe nyumba yabweza. Ndimakwiya ndikaona anthu akupotokola mavalavu mu pulanti rumu tsiku lonse osakwerako masitepe kukatsegula AHU, makina okankha mpweya momwe mumakhala koyilo, ngakhale imodzi.

Pa nyumba ija titakwera tinapeza zinthu zomvetsa chisoni. Ma AHU ena anali ndi mavalavu a njira zitatu otsala ku sisitemu yakale, ndipo valavu yotero ikati yatseka sikuti yatseka, imangolambalalitsa madzi ozizira kupita ku ritani osagwira ntchito, ndiye lodi ikachepa mpamene ΔT imagwa kwambiri. Kwina munthu wina anatsitsa setipointi ya mpweya kufika pa 10°C poti anthu amadandaula kutentha, pomwe koyiloyo anaipangira 13°C. Singafikepo. Valavu imangokhala pa 100% usana ndi usiku, madzi akuthamanga mkati osatenga kutentha kokwanira, poti koyilo ukaiwirikiza madzi kuzizira kwake sikuwirikiza, kumangowonjezekera pang'ono. Ina inali yolumikizidwa mozondoka, madzi ozizira akulowera mbali yomwe mpweya wotentha ukulowera m'malo molowera komwe mpweya ukutulukira. Za mafyuluta otsekeka ndi fumbi sindinena nkomwe, wokonza amangosaina pepala.

Ndiye muchite chani

Yezani mapaipi anayi aja ndi themometa imodzimodzi, masensa a BMS, kompyuta yoyang'anira makina a nyumba, amanama akakhalitsa. Kenako AHU iliyonse lembani madzi olowa, otuluka, ndi momwe valavu yatsegukira. Yomwe ili pa 100% koma ΔT yake ndi 2 ndi imeneyo ikukuberani madzi. Yomwe fani yazima koma paipi ya ritani ikuzizirabe, valavu yake ikudontha. Tsekani mabaipasi a mavalavu a njira zitatu, kusiya imodzi yakumapeto ngati pampu ikufunika madzi oyenda pang'ono, bwezani masetipointi pa dizaini, tsukani makoyilo.

Mukatero mpamene mubwere ku mapampu a sekondale, okankha madzi kupita ku nyumba. Sensa ya DP, yoyeza kusiyana kwa presha ya sapulayi ndi ritani, ikhale kufupi ndi koyilo yakutali osati pakamwa pa pampu, ndipo setipointi yake muziitsitsa pang'onopang'ono mpaka valavu yotseguka kwambiri ifike cha pa 90%. Presha ikachuluka imakankha madzi pa mavalavu ofuna kutseka. Mu dikapula musaikemo valavu yochepetsa madzi, ikhale yotseguka, mungoikamo mita yoonetsa komwe madzi akulowera, ndipo chila yachiwiri iziyaka pokhapokha madzi abwerera chammbuyo kwa mphindi 15 kapena kuposa ndipo a ku nyumba ayambadi kufunda.