Mtengo wa fowadi si ulosi

"Akulu, sheya ina ikugulitsidwa pa 100 lero, siipereka dividendi, phindu lija kampani imagawira eni masheya, ndipo aliyense akuti chaka chamawa ifika pa 130. Nanga bwanji mtengo wa fowadi wa chaka chimodzi uli cha pa 105 basi? Msika wagona?"

Imelo yanuyi yanditokosa pachilonda, achimwene. Fowadi ndi pangano lodzagula kapena kudzagulitsa chinthu mtsogolo pa mtengo umene mwagwirizana lero. Ndili pasukulu ndinalakwa mayeso pa nkhani yomweyi. Ndinadzaza masamba awiri ndi kulosera mmene kampani idzachitire, pepala n'kubwera ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndinapita kwa aphunzitsi mtima uli m'mwamba. Iwo anangondifunsa kuti, "Ukalonjeza munthu mbuzi chaka chamawa, ndani wakuletsa kuigula lero?" Ndinangoti kukamwa yasa. Mpaka pano zimandinyansa ndikamva anthu ovala masuti akunena kuti fowadi ndi "maganizo a msika pa za mawa". Limeneli ndi bodza, ngakhale alinene mokweza chotani.

Taganizani kuti ine ndalonjeza kudzakugulitsani sheyayo pakatha chaka. Ndikongola 100 lero pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti, ndigula sheya, ndiisunga. Tsiku likakwana ngongole yanga yafika pa 105.13, ngati chiwongoladzanja chikuwonjezeka mosalekeza. Sheya ikwere kapena igwe, ine ndili nayo kale m'manja, ndipo zimene zandidyera ndi zomwezo. Polemba timati F = S × e^(rT): F ndi mtengo wa fowadi, S mtengo wa sheya lero, r chiwongoladzanja, T zaka, ndipo e ndi nambala ya masamu ya pafupifupi 2.718. Funani 130 wanu mmenemo, simumupeza.

Tiyerekeze kuti wina wavomera kudzagula pa 110. Ndichita zomwe zija, ndidzampatsa sheya, ndilandira 110, ndibweza 105.13, ndipo 4.87 yatsala m'thumba osaikapo kanthu kanga. Phindu lotere, lopanda chiopsezo, ndi limene amati abitiraji. Silikhalitsa, chifukwa ochenjera amathamangirako onse, kugulitsa fowadi ndi kugula sheya, mpaka mpata utatsekeka.

Nanga ukatsika?

Fowadi ikakhala pa 102, mumangotembenuza. Mubwereka sheya kwa mwini wake, muigulitsa pa 100, ndalamazo muzikongoza pa 5 peresenti, n'kupangana kudzagula sheya pa 102. Chaka chikatha muli ndi 105.13, mulipira 102, mubweza sheya kwa eni ake, 3.13 ndi yanu.

Kunena zoona, mbali imeneyi ndi imene imavuta. Kubwereka sheya n'kolipira, nthawi zina sizipezeka n'komwe, komanso chiwongoladzanja chimene inu mungakongolere chimaposa chimene mungakongozere. Choncho 105.13 ali ndi kampata uku ndi uku, kamene munthu sangadyepo kanthu.

Za 130 zija, ngati anthu akuzikhulupiriradi, agula sheya lero lomwe, S akwera, F n'kumutsatira pambuyo. Inu ngati mukutsimikiza kuti onsewo akuchedwa, gulani fowadiyo, koma sheya ikadzagwa kufika pa 90 mudzalipirabe 105.13.