Dzina loti ana aliimbe potola zinyalala

"Ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe, m'boma la Angoniya ku Mozambique. Tikufuna kuyamba ntchito yotola zinyalala pamsika ndi kuzungulira sukulu Loweruka lililonse, ndipo tapanga chidole chachikulu choti chizitsogolera ana. Ife tinachitcha Bwenzi la Ukhondo, koma ana sakuliimba dzinali. Tichite bwanji?"

Aphunzitsi, anawo sanalakwe. Dzina mwapatsa chidolecho ndi lowerenga pachikwangwani, si loimba. Taliyesani mukuwomba m'manja: Bwe-nzi-la-U-kho-ndo. Maphatikizo asanu ndi limodzi, ndipo pakati pa "la" ndi "u" pakamwa pamakodwa. Mwana amene akuyenda, thumba lili m'manja, amafuna dzina la maphatikizo atatu, akachuluka anayi. Chichewa chathu chimakoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, n'chifukwa chake mayi poitana mwana ali patali amati "Chikoondi!" Dzina la maphatikizo atatu limagwera bwino pamenepo: loyamba kudumpha, lachiwiri kukoka, lachitatu kutera.

Ine ndikanayambira pa ntchito imene manja a ana adzagwire, osati pa mawu akuti ukhondo, omwe mwana sangawaone ndi maso. Adzasesa, adzatola. Ikani "ka" kutsogolo, poti kanthu kakang'ono ana amakakonda ngati mnzawo, mupeza Kasesa ndi Katola. "Chi" musiyeni, amakuza chinthu n'kuchinyansitsa, ndipo mwana wozolowera kuwerenga Chipwitikizi akaona "ch" amatchula "sh".

Pa awiriwa ndasankha Katola, ndipo chifukwa chake ndi Chipwitikizi chomwecho. M'Chipwitikizi "s" akakhala pakati pa malembo aliwu awiri amamveka "z", ndiye Kasesa atalembedwa pakhoma ena adzawerenga Kazeza, gulu n'kugawanika pakati pa nyimbo. Katola alibe vuto limenelo, wowerenga Chinyanja ndi wowerenga Chipwitikizi atchula chimodzimodzi.

Koma dzina palokha siliimbika, limafuna wolandira, monga m'nthano wina akati "Padangokhala" onse amati "Tili tonse". Mtsogoleri afuule kuti "Katola!" ana alandire kuti "Tatola!" Mawu awiriwa akusiyana lembo limodzi lokha, mwana wa zaka zisanu awagwira ulendo woyamba. Mukatero kawiri, mtsogoleri atchule malo, ana ayankhe ndi mawu amodzi: "Pamsika?" "Mbee!" "Pamjigo?" "Mbee!" "Mungalande?" "Mbee!" Apa ndi pamene ndimakondapo kwambiri, chifukwa malo amasintha ndi kumene mwafika, nyimbo siitopetsa, ndipo ana amayamba kulimbirana kutchula malo awoawo. Lamulo likhale limodzi: "mbee" saimbidwa pamalo pamene pakadali pepala la pulasitiki ngakhale limodzi. Akaimbiratu asanatole, mawuwo afa.

Tsopano zoti musamale nazo. Musaike zinyalala m'dzina. Nazinyalala ana angaliimbe mokondwa ndithu, koma Lolemba lidzasanduka dzina lonyozera mtsikana amene wabwera ndi diresi lakuda, ndipo silidzamuchoka. Mawu akuti fumbi nawonso apeweni, ndipo chidolecho chisakhale fisi. Akuluakulu akamva za kusasa fumbi kapena za fisi amaganiza miyambo ina yomwe simukufuna ana aziifuula pamsika. Dzina lokhala ndi "koko" lidzaseketsa ana, chifukwa m'Chipwitikizi ndi mawu a ana otchulira chimbudzi.

China chachikulu kwathu kuno ndi Gule Wamkulu. Musabwereke dzina la chilombo chilichonse, ndipo wovala chidole asabise nkhope ndi nsanza kapena nthenga mofanana ndi zakudambwe. Eni mwambo adzakhumudwa, makolo ena opemphera adzaletsa ana awo. Katola akhale kankhuku kooneka kuti ndi kankhuku, mlomo wa katoni, mapiko a thumba la ufa, nkhope ya wovalayo ili poyera. Nkhuku imatola tsiku lonse pabwalo, mwana aliyense waionapo, simudzavutika kufotokoza. Pitani nalo dzinali kwa amfumu musanalilembe paliponse, ndipo mtundu wa nsalu usafanane ndi wa chipani chilichonse.

Musagule penti msanga. Tengani ana khumi a misinkhu yosiyana, muwaphunzitse pakamwa pokha kwa mphindi zisanu, kenako muwasiye osanenanso kanthu. Pakatha masiku awiri kaimeni chapatali nthawi yopuma, mumvetsere. Mukamva "Katola, tatola" kuchokera kwa ana amene simunawaphunzitse, mwina akudumpha chingwe kapena akusewera fulaye, lembani dzinalo pachikwangwani. Mukamva atalipotoza, mvetserani bwino mmene alipotozera. Ngati latuluka lotukwana, litayeni muyambirenso. Ngati angolifupikitsa kapena kuwonjeza kamawu kawo, tengani lawolo, ndi limene adzaimbe Loweruka.