Thumba limodzi la nyemba, zilango zinayi

"Zikomo akulu. Ndine wophunzira, ndimakhala ku Luwinga, ndipo mayeso ayandikira. Zifukwa zinayi zolangira wolakwa ndinaziloweza: kubwezera, kupereka phunziro, kukonza khalidwe, ndi kumuchotsa pakati pa anthu. Koma akandipatsa mlandu kuti ndiufotokoze, zonse zimandionekera chimodzimodzi. Zimasiyana pati, poti zonse zimathera kundende?"

Zikomo achimwene. Mukamaziyang'ana pachipata cha ndende sizingasiyane ayi. Bwererani m'khoti, pa nthawi ija wolakwa wavomera mlandu, woimira boma wayankhula, ndipo majisitireti akuganiza kuti chilango chitalike bwanji. Chilichonse mwa zinayizi chimamuuza majisitireti kuti ayang'ane mbali ina ya mlandu womwewo, ndipo chimatulutsa chilango chakechake.

Tipeke mlandu. Mnyamata wa zaka 22 wa ku Chibavi waba thumba la nyemba la mayi wina wogulitsa pamsika wa Zigwagwa. Analikweza pa njinga ya sakaramento ngati lake, nkukagwidwa mawa lake ku Mchengautuwa atagulitsako theka. Sanapalamulepo chiyambire, wavomera, ndipo nyemba zotsalazo zabwezedwa. Gawo 278 la malamulo a milandu ya upandu limati wakuba wotere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 5. Amenewo ndi malire chabe. Pakati pa kumumasula ndi zaka 5 pali mtunda wautali, ndipo mkangano wonse uli mumtundamo.

Wokhulupirira kubwezera amayang'ana m'mbuyo mokha. Amafunsa zinthu ziwiri: mnyamatayu wawononga zochuluka bwanji, ndipo anachita dala mpaka pati? Nyemba zinali za ndalama zingati, mayiyo anataya mpamba wake wonse kapena ayi, kubako kunakonzedwa kapena kunangochitika poona thumba lili lokha. Zoti mnyamatayu adzabanso kapena sadzabanso, iye alibe nazo ntchito. Immanuel Kant, m'buku lake la 1797, anafika ponena kuti ngakhale anthu a pachilumba atagwirizana zobalalika osadzakhalanso pamodzi, ayenera kuyamba alanga wakupha wotsiriza yemwe ali m'ndende yawo. Palibe amene chilangocho chingamuteteze, palibe amene chingamuphunzitse, komabe munthuyo chimamuyenera.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera m'mbuna, posokoneza kubwezera kwa khoti ndi kulipsira. Gulu la anthu pamsika likagwira wakuba nkumumenya mpaka kufa, limenelo likulipsira, ndipo wokhulupirira kubwezera ndi amene angayambe kulidzudzula, chifukwa thumba la nyemba silingafanane ndi moyo wa munthu. Mfundo imeneyi imalamula kuti wolakwa alangidwe, komanso imaletsa kumulanga kuposa cholakwa chake, ndipo imaletseratu kulanga wosalakwa. Chofooka chake nchakuti ilibe sikelo. Imatiuza kuti kupha kumaposa kuba, koma siyingatiuze ngati nyemba theka la thumba ndi miyezi 6 kapena 18. Chiwerengerocho chimachokera ku zigamulo za makhoti zam'mbuyomu.

Zitatu zotsalazo zimayang'ana kutsogolo. Zonse zimavomereza zomwe Jeremy Bentham analemba mu 1789, kuti chilango pachokha ndi choipa, ndipo chimaloledwa pokhapokha chikaletsa choipa chachikulu kuposa icho.

Kupereka phunziro mumakumva tsiku ndi tsiku pa wailesi: "wapempha khoti kuti lipereke chilango chokhwima kuti ena atengerepo phunziro." Kuli pawiri. Pali phunziro la wolakwa mwiniwake, kuti akalawa ndende asadzafunenso, ndipo pali phunziro la anthu ena, lija la chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamayeso muzizitchula zonse ziwiri, chifukwa zikhoza kutsutsana. Mnyamata wathuyu mwina masiku amene wagona m'chitokosi amukwanira kale. Koma woimira boma akanena kuti kuba kwachuluka pa Zigwagwa, majisitireti wotsata mfundoyi akhoza kumupatsa zaka 2, osati chifukwa cha zomwe iye wachita, koma chifukwa cha anyamata ena amene sali m'khotimo. Funso loti mulifunse m'yankho lanu ndi ili: kodi nkoyenera kumusenzetsa munthu mmodzi milandu ya anzake? Kant akanati mwamusandutsa chida.

Pali vuto lina, loti kodi zimathekadi. Cesare Beccaria analiona kale mu 1764, pamene analemba kuti chimene chimaletsa upandu si kuwawa kwa chilango koma kudziwa kuti sungachizembe. Tayesani masamu ake. Tinene kuti mwa akuba khumi pamsika amagwidwa mmodzi yekha. Khoti likakweza chilango kuchoka pa chaka chimodzi kufika pa zaka ziwiri, wakuba amaonabe anzake asanu ndi anayi akuyenda mtauni bwinobwino. Koma alonda a msika ndi apolisi akamagwira asanu mwa khumiwo, ngakhale chilango chikhale miyezi 6, aliyense amayamba kuganiza kawiri. Komanso mfundoyi imafuna munthu wowerengera phindu ndi chiopsezo asanachite kanthu. Wozembetsa ndalama muofesi amawerengeradi. Woledzera amene wabaya mnzake pa bala ku Chiputula sanawerengere chilichonse, ndipo gawo la lamulo salidziwa nkomwe.

Kukonza khalidwe kumasiya nyemba nkuyang'ana mnyamatayo. Anaberanji? Ngati ndi ulova, aphunzire ukalipentala kapena kusoka. Ngati ndi kachasu kapena chamba, athandizidwe pa chimenecho. Ngati anasiyira sukulu panjira, abwerere m'kalasi, poti m'ndende zina za kuno akaidi amalemba mayeso a MSCE. Wotsata mfundoyi nthawi zambiri sangafune nkomwe kuti mnyamatayu alowe m'ndende, pozindikira kuti akakakhala chaka ndi akabwerebwere adzatuluka atadziwa kuthyola maloko. Malamulo athu amamupatsa njira. Gawo 340 la malamulo a kazengedwe ka milandu limati wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira kuti palibe njira ina yoyenera, ndipo gawo 339 limalola kuimika chilango kuti munthu akakhale kunyumba, bola asapalamulenso. Palinso chilango chokagwira ntchito zothandiza anthu m'dera, monga kusesa pachipatala kapena kulambula pasukulu, iye akugona kwawo. Kwa ana, lamulo la 2010 lowasamalira ndi kuwateteza limatsamira kwambiri mbali imeneyi, ndipo kulinso malo osinthira khalidwe a Mpemba ndi Chilwa.

Ine mtima wanga umakonda mfundo imeneyi, koma musailembe ngati yopanda banga. Choyamba, ilibe malire. Ngati cholinga ndi kusintha munthu, ndiye kuti atuluke akasintha, ndipo wosasinthika akhoza kukhala zaka zambiri chifukwa cha nyemba. Chachiwiri, pamafunika malo ndi zipangizo. Pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009, khoti linapeza kuti kuthithikana m'ndende za m'Malawi kunali kuphwanya ufulu wa akaidi, ndipo linalamula boma kuti lichepetse. Munthu wogona chokhala, bondo pamsana pa mnzake, simungamuuze kuti ali pasukulu ya khalidwe. Ku Amereka mfundoyi inagwedezeka mu 1974 pamene Robert Martinson anaunika mapulogalamu ambiri a m'ndende nkupeza kuti ochepa okha ndi amene ankachepetsa kupalamulanso. Anthu anangotolapo mawu oti palibe chimene chimathandiza, ngakhale kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti mapulogalamu olunjika pa vuto lenileni la munthu amathandiza ndithu.

Kumuchotsa pakati pa anthu ndi kosavuta kumva. Sikufuna kuti wolakwa aope kapena asinthe, kumangofuna kuti asathe. Ali mkati mwa ndende ya Mzuzu sangabe pa Zigwagwa. Kulanda laisensi ya dalaivala wosasamala kulinso m'gulu lomweli, ndipo mukakutchula pamayeso mudzaonetsa kuti mwamvetsa zoti nkhani si ndende yokha. Kwa mnyamata wathuyu mfundoyi ilibe zambiri zonena, poti palibe chosonyeza kuti ndi woopsa. Imadzuka tikasintha chinthu chimodzi: tinene kuti aka nkachisanu kugwidwa. Pamenepo imati atsekeredwe nthawi yaitali. Koma taonani chimene chachitika. Tayamba kumulanga chifukwa cha milandu imene sanapalamule, imene tikungolosera, ndipo kulosera kumaphonya. Ku California lamulo la 1994 lokhaulitsa opalamula kachitatu linachititsa kuti Gary Ewing, amene anaba ndodo zitatu zosewerera gofu, apatsidwe zaka zosachepera 25, ndipo khoti lalikulu la dziko la Amereka linavomereza mu 2003. Dziwaninso kuti pa milandu ya malonda, monga kugulitsa chamba, mukatsekera mmodzi wina amatenga malo ake, ndipo upandu sutsika.

Njira imene ndagwiritsa ntchitoyi ndi imene ndikukulangizani pamayeso: sinthani mfundo imodzi ya mlandu, muone kuti ndi chifukwa chiti chagwedezeka. Nyemba zikakhala matumba khumi, chimagwedezeka ndi kubwezera. Kuba kukachuluka mumsika, ndi kupereka phunziro. Mnyamatayo akapeza ntchito ya ulonda ku Katoto nkusiya mowa mlandu usanathe, wokonza khalidwe amati mumasuleni, pamene wobwezera amati ngongole yake ikadalipo. Wolakwa akakhala nkhalamba ya zaka 75 yodwaladwala, womuchotsa pakati pa anthu saonanso chifukwa chomusungira.

M'zigamulo zenizeni majaji sasankha chimodzi nkutaya zinazo. Kawirikawiri kukula kwa mlandu ndi kumene kumaika denga, ndipo zitatu zinazo zimakankhira chilango m'mwamba kapena pansi koma osaboola dengalo. Kuno dengalo lili ndi mphamvu ya malamulo aakulu a dziko, chifukwa gawo 19 limaletsa chilango chankhanza kapena chonyozetsa munthu. Pa gawo limeneli, pamodzi ndi ufulu wozengedwa mlandu mwachilungamo, ndi pamene panatsamira chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, chimene chinathetsa lamulo loti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingopatsidwa chilango cha imfa. Kuyambira pamenepo jaji ayenera kumva za mlanduwo ndi za munthuyo asanagamule.

Mnyamata wa ku Chibavi uja ine ndikanamupatsa ntchito zothandiza anthu m'dera ndi lamulo loti amubwezere mayiyo ndalama za nyemba zimene anagulitsa. Mukalemba yankho ngati limeneli, wochonga adzafuna kuona kuti mwayankha woimira boma amene akuti kuba kwachuluka pamsika. Muyankheni ndi Beccaria komanso gawo 340, ndipo munene poyera kuti mnyamatayo akadzabweranso kachiwiri, gawo 340 silidzamutetezanso.