Mpeni wa nkhuku usakhudze tomato

"Zikomo mayi. Ndagula thabwa lachiwiri loti ndizidulirapo nyama yokha, ndipo mpeni wa nkhuku sindilola kuti udule tomato. Apongozi akuti ndi matama, iwo akula ndi mpeni umodzi koma sanafe. Kodi ndikuwonjeza?"

Simukuwonjeza ayi, achemwali. Funso lanuli landikumbutsa Khrisimasi ina imene sindidzaiwala.

Tsikulo tinapha nkhuku ziwiri. Ndinazisosola kuseri kwa nyumba, n'kuzitumbula, n'kuziduladula pa kathabwa kanga kakale kamene pakati panali patakumbika chifukwa cha mpeni. Alendo anali atayamba kufika, mpunga uli pamoto. Ndinangotsira madzi pathabwapo, mpeni n'kuupukuta pa chitenje, basi n'kuyamba kudula kabichi, tomato ndi anyezi wa saladi. Thabwalo linkaoneka loyera ndithu, panalibe ngakhale kadontho ka magazi.

Patapita masiku atatu mwana wanga wamng'ono anayamba kutsekula m'mimba. Thupi linatentha, ankadzipinda akulira kuti m'mimba mukupota, ndipo tsiku lachiwiri m'chimbudzi chake munali timagazi. Tinanamizira mango, tinanamizira thobwa la kwa aneba. Nkhuku palibe anaiganizira, popeza inapsa bwino ndipo tinali titaidya kalekale. Kuchipatala, namwino atamva kuti mwanayo anadya saladi wambiri, anandifunsa kuti, "Kabichiyo munadulira pati?" Ndinazizidwa nkhongono. Sindingalumbire kuti linali thabwalo, koma usiku umene ndinakhala ndikumumwetsa Thanzi ORS ndi supuni, mtima wanga unkangobwerera pamenepo.

Chimene ndinadzamvetsa pambuyo pake ndi ichi. M'matumbo a nkhuku, ngakhale yooneka yathanzi, nthawi zambiri mumakhala tizilombo totchedwa kampilobakita ndi salimonela. Potumbula timafalikira pakhungu, pampeni, pathabwa ndi m'manja. Nyama ikapsa mpaka mkati, kufika madigiri 75, tizilomboti timafa. Koma saladi sapita pamoto. Zimene mpeni wasiya pa tomato zimalowa m'mimba zili zamoyo. Ndipo kampilobakita sadwalitsa tsiku lomwelo, amatenga masiku awiri mpaka asanu. N'chifukwa chake timaloza chala chakudya cha dzulo, cholakwa chenicheni titachiiwala.

Apa m'pamene mawu akuti "ife sitinafe" amandipweteka. Ndimawalemekeza akuluakulu, komabe tiyeni tinene zoona. Ndi ana angati m'midzi mwathu amene ankatsekula m'mimba, anthu n'kumati ndi mano akumera? Komanso kadyedwe kasintha. Agogo anga nkhwani, chisoso ndi mpiru ankaduladula m'manja, n'kugwetsera mu lichero, zonse n'kukathera mumphika wowira. Tomato naye ankalowa mumphika momwemo. Moto unkakonza zimene mpeni walakwitsa. Ife lero tikudya kabichi wosaphika pa tchipisi, tikusendera ana mapapaya ndi mapeyala ndi mpeni womwewo. Mpeni umodzi wa agogo sunkagwira ntchito imene wathu ukugwira.

Ndipo poti ndatchula tchipisi, mukaima pa chiwaya muziyang'ana manja a wogulitsayo. Ngati mpeni umene wadulira nyama yaiwisi ndi womwewo akuwazira kabichi, gulani tchipisi chotentha chokhacho, saladiyo musiyeni. Ine ana anga amadziwa kale zimenezi.

Chinanso chimene ndinasiyiratu ndi kansalu kamodzi kopukutira chilichonse. Kansalu konyowa kamene kapukuta madzi a nkhuku kamangowapaka pa tebulo, pa mbale ndi pa chigwiriro cha mpeni. Kutsukira nkhuku pafupi ndi mbale nakonso n'koopsa, chifukwa madzi ake amathovukira patali. Yogula yokonzakonza sifunika kutsuka n'komwe. Yopha nokha itsukireni m'beseni lakelake panja, madziwo mukataye kutali ndi pamene ana amasewera.

Zoti muchite

Thabwa la nyama lipakeni penti yofiira m'mphepete, ndipo chigwiriro cha mpeni wake muchikulunge ndi mphira, kuti aliyense wolowa m'khitchini asasokoneze. Yambani kudula zodya zosaphika, muzivundikire, nyama ibwere pomaliza. Mukatha tsukani thabwa, mpeni ndi chigwiriro chomwe ndi sopo ndi madzi otentha, kenako muviike kwa mphindi zingapo m'madzi a malita 4 othira supuni yaikulu imodzi ya jiki, mutsukuluze, n'kuyanika padzuwa thabwalo litaimirira. M'manja sambani ndi sopo masekondi 20 musanagwire china chilichonse. Thabwa likakhala ndi ming'alu yakuya imene chinkhupule sichifikamo, lichotseni.

Apongoziwo musakangane nawo. Mukagule kampeni katsopano kakuthwa, muwapatse m'manja, munene kuti, "Amayi, aka ndi kanu ka zipatso za adzukulu." Wa mphira uja muusunge pamalo ena, kutali ndi pamene iwo amakhala posenda mapapaya.