Kakiyibodi kamodzi ka ana atatu?

"Ndili ndi khanda la miyezi 8, wina wa zaka 3 ndi wamkulu wa zaka 7. Ndaona kakiyibodi koyaka timagetsi, kamene kamaimba nyimbo kokha ukadina batani. Ndigule kameneka kuti azisewera nako onse, kapena aliyense akufunika chakechake?"

Mayi, kameneko kasiyeni. Batani limodzi likatulutsa nyimbo yonse, mwana amangophunzira kudina n'kudikira. Choimbira chabwino ndi chimene chimalira mogwirizana ndi mmene dzanja lachitira: akamenya mwamphamvu chifuule, akamenya pang'ono chilire motsitsa, akasiya chikhale chete.

Khandalo lipezereni kachisekese kopepuka, kamene chogwirira chake chikukwana m'kadzanja kake. Pa msinkhu umenewu likuphunzira kusamutsa chinthu kuchoka kudzanja lina kupita kulina, kutembenukira kumene kwachokera phokoso, ndi kuzindikira kuti ilo lomwe ndi limene lachititsa kulirako. Chilichonse limapita nacho kukamwa, choncho pindani ndi kukoka kachisekeseko musanagule. Ngati polumikizira pakuyasama, timikanda ta m'kati tidzatuluka tsiku lina. Muyezo wa opanga zoseweretsa ndi wakuti kanthu kokwana m'kachubu ka mamilimita 32 m'mimba mwake kangatsamwitse mwana wosakwana zaka 3. Kunyumba yesani ndi kachubu ka pakati pa pepala la kuchimbudzi: chimene chalowamo chonse chisafike kwa khanda.

Wa zaka 3 ndiye amene pamafunika kusankha mofatsa. Mugulireni kang'oma ndi kazailofoni, timangolongondo tija ta timapale 8 tamatabwa kapena tachitsulo. Ng'oma imamuphunzitsa kusinthanitsa manja, kuyamba ndi kuima akauzidwa, komanso kubwereza zimene wamva. Inu menyani kawiri, iye ayankhe kawiri, kenaka katatu. Akamathamangira kutsogolo musadandaule, ana ambiri amayamba kusunga kugunda kosasintha akamayandikira zaka 5 kapena 6.

Zailofoni zambiri za ana n'zokongola utoto koma n'zosachunidwa. Imenyeni nokha kuyambira kapale katali kukafika kakafupi, uku mukuimba do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Kapale koyamba ndi komaliza tizimveka ngati mawu amodzi, kena pansi kena pamwamba. Pakakhala kamodzi kokhota khutu, isiyeni, chifukwa mwana amaimba motsatira chimene akumva tsiku ndi tsiku. Kapale kolira "thi" n'kuthera pompo nthawi zambiri kathinitsidwa kwambiri ndi sikuluwu, kapena kansalu kofewa ka pansi pake kachoka. Kapale kamafunika kugwedera pang'ono kuti kanjenjemere. Masulani sikuluwu pang'ono chabe, mawu abwerera. Nthawi zina vuto ndi mwana: amamenya n'kusiya kamtengo katagona pa kapale. Muonetseni kuti kamtengoko kazidumpha ngati mpira. Akazigwira zimenezi ndiye kuti mkono wayamba kumasuka, ndipo khutu layamba kusiyanitsa mawu okwera ndi otsika. Timitengo timeneti tili ndi timipira kunsonga timene timazuka, ndiye tisamasiyidwe pamene khanda likukwawa.

Wa zaka 7 wakula, zoseweretsa zamupitirira. Zala zake tsopano zitha kugwira ntchito chilichonse pachokha, ndipo angathe kukhala mphindi 10 kapena 15 akubwereza kachigawo kamodzi. Chitoliro cha rekoda chili ndi mabowo 7 kutsogolo ndi limodzi kumbuyo la chala chachikulu. Chikamalira mokuwa, mwina akuuzira mwamphamvu kapena bowo lina silinatsekeke bwino. Yang'anani zala zake akangomaliza: ngati watseka bwino, pamnofu wa chala pamatsala kachizindikiro kozungulira ka bowo. Ngati mtima wake uli pa kiyibodi, pezani yeniyeni ya makiyi 61 aakulu bwino, imene imakweza mawu ukadina mwamphamvu. Pabokosi pamalembedwa `touch response` kapena `touch sensitive`. Tigitala tapulasitiki tokhala ndi zokungira zoterera n'tongotaya nthawi: mukachuna nsambo, pakangopita mphindi yamasukanso.

Chilichonse cha mabatire, onani kuti chitseko chake n'chomanga ndi sikuluwu. Timabatire tophwatalala ngati batani la malaya, mwana akatimeza, timatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Phokoso nalo liyeseni pafupi ndi khutu lanu, osati mutatambasula mkono, popeza mikono ya mwana ndi yaifupi ndipo chidole chimakhala pafupi ndi mutu wake. Chikakulasani inu m'khutu, kwa iye chanyanya. Ngati chinagulidwa kale, matani tepi pa timabowo ta sipika, phokoso lichepa.