Kontrakiti ya ku famu ya ku Limpopo: yambani mwawerenga maola, malipiro pambuyo

"Ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Ndapeza ntchito pa famu ya malalanje ku Limpopo ndipo anditumizira kontrakiti pa foni kuti ndisayine. Alemba R6,200 pamwezi, ati ovataimu ili momwemo. Ntchito ndi Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Loweruka 7 mpaka 1 koloko. Azidula R900 ya nyumba yomwe tizigonamo anthu 6, R700 ya chakudya, ndi R1,000 pamwezi kubweza R3,000 ya thiransipoti. Palinso mawu akuti ndikaononga katundu azindidula. Kodi zili bwino? Ndisayine?"

Achimwene, musasayine kaye. Sindikunena kuti ntchitoyo muikane ayi, koma pepalali mmene lilili pano likukudyerani masuku pamutu, ndipo ndikufuna muone nokha ndi manambala pomwe ndalama yanu ikuthawira.

Choyamba dziwani kuti mukangoyamba ntchito pa famu imeneyo, lamulo lomwe likukukhudzani ndi la ku South Africa, osati lathu. Kuno kwathu lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limalola maola 48 pa sabata, ndiye ambiri timapita ku Joni tili ndi nambala imeneyo m'mutu. Kumeneko lamulo lawo, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limati maola wamba asapose 45 pa sabata. Antchito a m'mafamu ali ndi malamulo awoawo owonjezera pamwamba pa limeneli, otchedwa Sectoral Determination 13, ndipo ndi amene akutithandize kwambiri pa nkhani ya zodula. Kontrakiti singalembe zochepera pa zomwe malamulowa amapereka, ngakhale inu mutasayina ndi dzanja lanu.

Tiyeni tiwerenge maola anu. Kuyambira 7 koloko mpaka 5 koloko ndi maola 10, koma ola limodzi ndi la nkhomaliro, ndipo ola limenelo nthawi zambiri sililipidwa komanso siliwerengedwa. Ndiye tsiku lililonse mukugwira maola 9, masiku asanu akukwana 45. Apa ndiye kuti sabata ya lamulo yatha Lachisanu madzulo. Maola 6 a Loweruka aja akubwera pamwamba, ndiye kuti sabata iliyonse muli ndi ovataimu ya maola 6. Mufunse ngati ola la nkhomaliro lilipodi, chifukwa m'funso lanu simunatchule. Ngati nthawi yokolola amakuuzani kuti idyani mwachangu mubwerere kumitengo pakangotha mphindi 30, theka la ola lomwe latsalalo ndi ntchito, ndipo pa masiku asanu likukwana maola awiri ndi theka amene palibe akuwawerenga.

Ovataimu imalipidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka lake. Ndiye kuti tidziwe ngati R6,200 ija ikukwanira, tikufunika mtengo wa ola. Boma la kumeneko limaika malipiro otsikitsitsa a ola limodzi, ndipo limawasintha chaka ndi chaka m'mwezi wa Malichi. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79, ndipo wantchito wa pa famu amalandira mtengo womwewo ngati wina aliyense. Ndigwiritsa ntchito nambala imeneyi, koma inu mufunse ya chaka chomwe mukupitacho muikemo. Powerengera mwezi, lamulo limatenga sabata n'kuchulukitsa ndi 4 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola 45 pa sabata amakhala 195 pamwezi, ndipo maola 6 a ovataimu amakhala 26.

Maola 195 pa mtengo wa R28.79 akupereka R5,614.05. Ola la ovataimu likubwera pa R43.19 tikazungulitsa, ndipo maola 26 akupereka pafupifupi R1,123. Kuphatikiza zonse ndi R6,737. Iwo akulonjeza R6,200. Ndiye kuti asanadule ngakhale tambala imodzi, mwezi uliwonse mukutaya kale ndalama yoposa R530, ndipotu apa tawerengera pa mtengo wotsikitsitsa umene lamulo linkalola kuyambira mu Malichi 2025.

Mawu akuti "ovataimu ili momwemo" ndi amene ndimawaopa kuposa mawu ena onse mu kontrakiti. Amamveka ngati mphatso, koma amatseka pakamwa. Tsiku lomwe kapitawo adzanene kuti lero tiweruka 7 koloko usiku chifukwa lole ikudikira malalanje, inu mukadzafunsa za maola awiri owonjezerawo adzakuonetsani siginecha yanu. Chomwe mungapemphe n'chosavuta: alembe malipiro a maola 45 paokha, alembe mtengo wa ola limodzi, ndipo alembe kuti ola lililonse loposera pamenepo lizilipidwa pa mtengo ndi theka. Ovataimu imayenera kukhala yogwirizana, ndipo ili ndi malire. Kwa antchito ambiri ndi maola 10 pa sabata, kwa a pa famu ndi maola 15. Kontrakiti ikamati muzigwira "maola ena alionse amene ntchito ingafune" osatchula malire, auzeni aikepo nambala. Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma ali ndi mtengo wake wokwera kuposa wa ovataimu wamba, ndiye nawonso alembedwe padera.

Pali chinthu chimodzi cha m'mafamu chomwe mwina angakuuzeni, ndipo si bodza. Lamulo limalola kuti mogwirizana polemba, maola wamba awonjezeredwe ndi 5 pa sabata nthawi yotanganidwa, kwa miyezi yosaposa inayi. Koma maola amenewo amayenera kubwezedwa, kutanthauza kuti nthawi ina m'chaka chomwecho muzigwira maola ochepera ndi muyeso womwewo malipiro osatsika. Ngati kontrakiti yanu ndi ya nyengo yokolola yokha, mufunse kuti miyezi yopepukayo idzafika liti inu mutabwerera kale ku Chinamwali.

Tsopano zodula. Apa ndi pomwe anthu athu ambiri amalirira, chifukwa kumudzi anawauza R6,200, akazi awo anayamba kale kuwerengera za malata ndi fizi ya ana, koma yofika m'manja n'kukhala ina. Mmene alembera, mwezi woyamba akudula R900, R700 ndi R1,000, komanso R62 ya UIF, thumba la boma lothandiza munthu ntchito ikatha, lomwe wantchito amaperekako 1 peresenti ya malipiro ake. Mutsala ndi R3,538.

Lamulo la m'mafamu limati ya nyumba isapose 10 peresenti ya malipiro, ya chakudya nayonso isapose 10 peresenti. Pa R6,200 imeneyo ndi R620 iliyonse. Ndiye R900 yapyola, R700 yapyolanso. Ndipo sikuti chilichonse chokhala ndi chitseko chimatengedwa ngati nyumba yoyenera kudulira munthu. Denga likhale lolimba losadontha, mawindo akhale agalasi otheka kutsegula, madzi abwino akhale m'nyumbamo kapena pafupi, chimbudzi chikhalepo. Chakudya nacho chiziperekedwadi nthawi zonse, ndipo asadule yoposa yomwe iwo agulira.

Pa nkhani yanu pali mfundo ina yokuthandizani kwambiri, yomwe ambiri saidziwa. Mwati m'nyumbamo muzigona anthu 6. Antchito oposa awiri akamakhala m'nyumba imodzi yogonamo pagulu, ndalama yonse yomwe bwana angadule kwa onsewo pamodzi siyenera kuposa 25 peresenti ya malipiro otsikitsitsa a munthu mmodzi, ndipo imagawidwa mofanana. Gawo limenelo la R5,614 ndi pafupifupi R1,404, kugawa kwa anthu 6 ndi R234 aliyense. Iwo akufuna R900 kwa aliyense, kutanthauza R5,400 pamwezi pa nyumba imodzi yogona amuna asanu ndi mmodzi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama imeneyo ikuchoka kwa anthu amene asiya ana kumudzi.

Ngongole ya thiransipoti ndi yololedwa ngati munabwerekadi, koma kubweza kwake kusapose gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro a mwezi umenewo. Ndiye m'malo mwa R1,000 kwa miyezi itatu, ikhale R620 kwa miyezi inayi ndi R520 mwezi wachisanu. Muonetsetse kuti R3,000 yalembedwa ngati nambala yotsekeka, popanda mawu akuti "ndi zina zonse zomwe kampani yawononga pokubweretsani". Mufunsenso kuti mukasiya ntchito ngongole isanathe chidzachitike n'chiyani, ndipo yankho lake lilembedwe. Pasipoti yanu si chikole cha ngongole, isachoke m'manja mwanu. Tikawerengeranso motsatira lamulo, ngakhale pa R6,200 yoperewera ija, kuchotsa R234, R620, R620 ndi R62 mukutsala ndi R4,664. Kusiyana kwake ndi R3,538 ija ndi R1,126 mwezi umodzi wokha.

Za kuononga katundu ndinena mwachidule. Lamulo lalikulu la 1997 lija sililola bwana kungodula poti makwerero athyoka kapena kireti yasowa. Pamafunika kuti inu muvomere polemba za ngongole yeniyeniyo, kuti kulakwa kukhale kwanu, kuti akupatseni mpata wofotokoza mbali yanu, ndipo asadule yoposa mtengo wa chinthucho kapena yoposa kota ya malipiro anu. Zida zogwirira ntchito ndi zovala zantchito si zoti akulipiritseni, ndipo chindapusa chodula pa malipiro chifukwa mwachedwa kapena mwalakwitsa n'choletsedwa, kupatula kuti nthawi yomwe simunagwire sangakulipireni.

Ine nditagwirako ntchito kumeneko zaka zapitazo, mwezi wina pa pesilipi panga panatuluka mzere wongoti "zina", ndalama yake yokwanira thumba la ufa ndi ndiwo za sabata. Nditapita kukafunsa, kalaliki anandifunsa kuti ndinagwira maola angati mwezi umenewo, ine kukamwa yasa, sindinalembe paliponse. Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kakope ka ana asukulu, kaja kolowa m'thumba la ovolosi, ndipo madzulo aliwonse ndisanavule nsapato ndinkalemba deti, ola lolowera, ola lotulukira ndi mphindi za nkhomaliro. Gulani kanu mumsika wa Zomba musananyamuke. Lamulo limati pa tsiku lolandira akupatseni pepala loonetsa maola wamba, maola a ovataimu ndi chilichonse chomwe adula ndi chifukwa chake. Muzilifananitsa ndi kope lanu n'kulijambula pa foni. Zikadzavuta, ku ofesi ya zantchito ya kumeneko kapena ku CCMA, komwe amamva madandaulo a antchito, adzafuna mapepala amenewa.

Sabata ino alembereni uthenga waulemu wopempha kuti akonze malipiro a maola 45 ndi mtengo wa ola, ya nyumba, ya chakudya ndi kabwezedwe ka ngongole, ndipo afotokoze chilolezo chogwirira ntchito chomwe mukalowere nacho m'dzikomo. Akakutumizirani yokonzedwa, isindikizeni mupite nayo ku ofesi ya zantchito ya boma kuno ku Zomba akaione musanasayine. Kope limodzi losayinidwa mbali zonse ziwiri mudzatenge, lina mudzasiye kunyumba kwa munthu amene mumamukhulupirira.